Khungu la pa Tsamba 14

Madzi a m'beseni anali atafiira pamene Bulashi anakankha chitseko cha bafa. Mwana wake anali atanjuta pa simenti, mwala wokhulira mapazi uli m'manja, akudzikhula mkono wamanzere kuyambira pachigongono mpaka pachikhatho. Sankalira ayi. Anali ataluma mlomo wam'munsi ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yoti amalize lisanalowe dzuwa.

"Namagweru, ukutani?"

"Ndikusamba, adadi."

Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo dzina la Namagweru analipata mwezi womwe mano ake awiri akutsogolo anaguluka. Bambo ake nawonso dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana pa kakampani kena kosindikiza mabuku, ndiye kuntchito ndi kunyumba komwe ankangoti Bulashi, ngakhale kuti masiku ano bulashi yake inali kacholembera kojambulira pa kompyuta.

Anamulanda mwalawo, n'kumukulunga m'thaulo, n'kuitana mkazi wake. Mkaziyo anali namwino, ndipo Loweruka limenelo sanali pa ntchito. Anabwera ndi thonje ndi mankhwala, n'kuyamba kutsuka zilondazo mosafulumira. Khungu linali litasupuka malo atatu.

"Wakuuza ndani kuti uzisamba ndi mwala?" anafunsa mayiyo.

"Palibe."

"Nanga umafuna kuchotsa chiyani?"

Namagweru anayang'ana mkono wake, kenako anayang'ana amayi ake, amene anali oyererako kuposa iye. "Zakudazi," anatero. "Sopo akukanika."

Bulashi mtima unamuwira mpaka m'makutu. Munthu akapsa mtima chotere amafuna womupsera, ndipo iye sanachedwe kumupeza. Pabalaza TV inali ikulira yokha. Pa mpando panali patagona chidole cha tsitsi lachikasu, maso obiriwira, chimene mlongo wake anagulira mwanayo chaka chatha. Anazimitsa TV pa khoma penipeni, n'kutola chidolecho mwendo umodzi, n'kukachiponya m'bini ya kukhitchini. Kenako anaimbira mlongo wakeyo foni.

"Bwera udzaone ntchito ya chidole chako."

Azakhali a Namagweru ankagulitsa zoseweretsa ana ndi zovala za makanda m'kashopu ka pamsewu waukulu, mphindi khumi kuchokera pamenepo. Anafika ali wefuwefu, makiyi a shopu ali m'manja. Ataona mkono wa mwana anagwira pakamwa. Atamva mlandu wawo anachotsa dzanja pakamwapo.

"Achimwene, mundiyankhule bwino. Ine ndinamufunsa mwanayu kuti akufuna chiti. Ndinamuikira ziwiri pa tebulo, choyera ndi chakuda. Anasankha yekha."

"Mwana amasankha chimene wazolowera kuona chikutamandidwa."

"Ndiye wamuzoloweretsa ndine? Zidole zakuda ndinaoda khumi ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi zikadali pa shelefu zikumwa fumbi. Ndipo mwaziona zidole zakezo? Nkhope ndi yomweyo ya choyera chija, mphuno yomweyo, tsitsi lomwelo la zingwe, angochiviika mu penti. Mwana si chitsiru. Amaona kuti chenicheni ndi ichi, chinachi n'chotsanzira."

"Ndiye umagulitsiranji?"

"Ndidye makiyiwa?"

Bulashi sanathere pomwepo. Anatembenukira TV yozima ija n'kuyamba kuiwerengera milandu ngati ili ndi makutu. Iye monga wojambula ankazidziwa bwino njira zake. Mwana wamkazi wa mfumu amamuika pamene pakuwala, tsitsi likuuluka. Mfiti amaiika mumdima, chovala chakuda, nkhope yotuwa. Wakhungu lakuda akapezekamo amakhala mnzake wa mwini nkhani, wonyamula chikwama, woseketsa anthu, wa milomo yaikulu. Mwana wa zaka zinayi sadziwa kuwerenga, koma zimenezi amaziwerenga bwinobwino, m'mawa uliwonse, chaka ndi chaka.

"Palibe amene amamuuza kuti woyera ndiye wabwino," anatero akuloza TV ija. "Amangomuonetsa. Kambirimbiri. Basi mwana n'kumaliza yekha samuyo."

"Mwamaliza ulaliki?" anafunsa mkazi wake, akumata bandeji. "Chifukwa ine ndakhala ndikukuuzani. Mwanayu akamasewera, chachikasucho chimakhala dona, chansanza chija ndinamusokera chimakhala wantchito. Ndinakuuzani mwezi watha, inu maso ali pa kompyuta, munangoti ndi masewera a ana. Amayi anu omwe akabwera amanyamula mwana wa aneba n'kumati, koma kuyera bwino mwanayu. Wathuyu amakhala ali pomwepo, akumva."

"Amayi anga asalowe nkhani imeneyi."

"Alowa kale."

Pamene akuluakulu ankalimbana chonchi, Namagweru anali atatsika pa mpando. Anapita kukhitchini, n'kuvuula chidole chake m'bini, n'kuchipukuta makoko a anyezi ndi diresi lake. Kenako analowa kuchipinda n'kubwera ndi buku. Analitsegula pa tebulo ndi dzanja labwino lija.

"Si chidole ayi," anatero. "Ndimafuna ndichite ngati uyu."

Bukulo linali lopyapyala, la masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, m'makona mutapindikapindika. Linali la mtsikana wokana kusamba. Pachikuto, pansi pa dzina la wolemba, panali dzina la wojambula zithunzi, ndipo Bulashi sanafunike kuliwerenga.

Pa tsamba 3 mtsikanayo anali atapinda manja, milomo ili chu, ntchentche zitatu zikumuzungulira, anzake atagwira mphuno. Khungu lake linali lakuda ngati la Namagweru. Mwanayo ananyowetsa chala n'kutsegula mpaka tsamba 14. Pamenepo mtsikana uja anali atatuluka m'bafa, akuseka, anzake akumukumbatira, tinyenyezi tikuthwanima pa masaya. Khungu lake linali lofiirira ngati tiyi wothira mkaka wambiri.

"Mwaona? Atasamba kwambiri anayera, ndiye anzake anayamba kumukonda. Aticha anatiwerengera. Tikamasewera za bukuli pa buleki, amati ine ndikhale wa tsamba 3. Wa tsamba 14 amakhala wina. Amati ine sindinamalize kusamba."

Azakhali anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana mchimwene wawo, n'kutola makiyi awo pa tebulo.

"Ine ndasiya shopu yosatseka bwino," anatero. Pakhomo anacheuka. "Ulaliki uja unali wabwino, achimwene. Mudzilalikire."

Bulashi anakhala pansi. Ankakumbukira tsiku lomwe anajambula tsamba limenelo, zaka zitatu zapitazo. Sanakhale n'kuganiza kuti mwana wakuda ndi wauve. Akanamva munthu akunena zimenezo akanamumenya. Anangofuna kuti mwana wowerenga aone kusiyana kwa uve ndi ukhondo, ndiye dzanja linapita lokha pa kabatani kowalitsira mtundu, n'kukankha katatu. Linapita lokha chifukwa nalonso linakulira pa mabuku ndi makatuni omwewo. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anangowonjezera ukali.

"Bukuli akulisindikizanso Lolemba," anatero motsitsa mawu. "Makope zikwi makumi awiri. Akukagawa m'masukulu."

Mkazi wake anatseka botolo la mankhwala. "Ndiye mukundiuza ine kuti nditani? Ndikonzekere mabandeji zikwi makumi awiri?"

Lolemba Bulashi anafika ku ntchito mageti atangotsegulidwa. Ofesi ya akonzi inali pamwamba, ndipo pansi pake makina ankagwedeza makapu pa tebulo. Abwana ake, mayi wa magalasi olendewera pa chingwe, amene anakonza mabuku a ana kwa zaka makumi awiri, anali akusaina mapepala. Bulashi anaika buku patsogolo pawo, n'kutsegula tsamba 3, kenako tsamba 14. Pambali pake anaika foni yake, chithunzi cha mkono wa mwana chili poonekera.

Abwana anayang'ana nthawi yaitali. "Pepani kwambiri, a Bulashi. Mwanayu ali bwanji?"

"Akupola. Ndikufuna mapuleti osindikizira bukuli asakonzedwe lero."

"Zimenezo n'zosatheka. Mapepala afika, makina tawasungira ntchito imeneyi, eni oda akufuna mabuku sukulu zisanatsegulire. Bukuli linaunikidwa ndi komiti ya anthu asanu ndi awiri, palibe anaona vuto."

"Ndiye vuto lake n'lomwelo. Anthu asanu ndi awiri, ine wachisanu ndi chitatu, inu wachisanu ndi chinayi, tonse akhungu ngati langali, palibe anaona. Waona ndi mwana wopanda mano."

"Musakweze mawu."

"Ndikweza."

Bulashi anatsitsa mabuku ena pa shelefu n'kuyamba kuwayala pa tebulo, pamwamba pa mapepala osaina aja. Onse anajambula yekha. Buku la mnyamata woba malalanje: wakubayo wakuda bii, womugwira wofiirira. Buku la kuchipatala: dokotala woyerera, wokolopa wakuda. Buku la mtsikana wopambana mayeso: pachikuto ali ngati wabadwira m'nyumba yosalowa dzuwa. Ankatsegula buku lililonse ndi mtima woti mwina limeneli limupulumutsa, koma ayi ndithu.

"Ndionetseni limodzi lokha," anatero, "limene mwana wakuda kwambiri ndiye mwini nkhani, wanzeru, wokondedwa, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza."

Abwana anavula magalasi. "Inu mukudziwa chifukwa chake. Chikuto cha mwana woyerera chimayenda msanga, ogulitsa amatiuza okha. Komanso nkhope yakuda simatuluka bwino pa pepala lathuli. Imangokhala chibanthu, maso osaoneka, kamwa losaoneka. Munadandaula nokha chaka chija. Ndi zamakina zimenezo, si zamtima."

"Tiyeni tikawafunse a makinawo."

Anatsika masitepe, abwana ali pambuyo akung'ung'udza. Mkulu woyendetsa makina anali bambo wadazi, wa inki m'zikhadabo, amene aliyense ankamutchula kuti a Injiniya ngakhale analibe pepala lililonse la uinjiniya. Anamva nkhani yonse akupukuta manja ndi chiguduli, kenako anaseka pang'ono.

"Ndiye mwaganiza kuti mlanduwu muukankhire makina anga?"

"Si inu mumati nkhope zakuda zimatsekeka?" anafunsa abwana.

"Zimatsekeka, inde. Pepala ili ndi losaterera, limamwa inki ngati thonje. Kadontho kalikonse kamafufuma, ndiye chimene chili chakuda pa kompyuta chimatuluka chakuda kuposa pamenepo. Koma mundifunse chimene chimatseka nkhope." Anatembenukira Bulashi. "Iwe ukafuna khungu lakuda umatani? Umatenga lofiirira lako lija n'kuthirapo inki yakuda. Ndiye mizere ya maso ndi ya kamwa nayonso ndi yakuda. Chakuda pa chakuda, uona chiyani? Khungu la munthu si makala. Muli kufiira, muli chikasu, pena kabuluu. Makinawa ali ndi inki zinayi. Manga khungulo ndi yofiira ndi yachikasu, uwonjezere yabuluu pang'ono, yakudayo uisiyire mizere. Uike kuwala pachipumi, pa mphuno ndi pa masaya, monga mmene munthu amawalira akadzola mafuta. Nkhope ituluka, mpaka kumwetulira kwake."

"Bwanji simunanene?" anafunsa Bulashi.

"Unandifunsa? Zaka zonsezi umangobweretsa ana oyerera, ine ndimati ndi amene mumawafuna kumwambako."

Bulashi anaona ngati wawombedwa mbama. Njira inalipo nthawi yonseyi, masitepe khumi ndi awiri kuchokera pa desiki yake. Kuwalitsa khungu kunali kophweka kuposa kuphunzira kulijambula, ndipo iye anasankha chophwekacho n'kuchitcha vuto la makina.

"Mukufuna masiku angati?" anafunsa abwana, mawu ali owuma.

"Awiri."

"Ndikupatsani limodzi. A Injiniya, lowetsani kaye ntchito ya makalendala ija. Koma mumve, a Bulashi. Mukonza zam'kati zokha. Chikuto eni oda anachivomereza kale, chili m'makatalogu awo, sindichigwira."

"Pachikuto pali mtsikana wa tsamba 14."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwana adzaona woyerera kunja, wakuda m'kati, adzati chiyani? Chikuto chikapita chonchi muchotsepo dzina langa, ndipo buku lotsatiralo mupeze wina wojambula."

"Mukundiopseza?"

"Ndikukuuzani zimene ndichite."

Anayang'anizana, makina akulira pakati pawo. Abwana anabwezera magalasi pamphuno. "Eni oda ndiwaimbira. Akakana, akana, ndipo mudzakhala mwadzichotsa nokha ntchito. Akavomera, tsiku lotayikali ndidula pa tchuthi chanu."

"Dulani."

Tsiku lonselo sanadzuke pa mpando. Anatsegula chithunzi cha Namagweru chimene anamujambula pa foni ali pakhonde, n'kuchikulitsa mpaka tsaya linadzaza kompyuta yonse. Anadabwa kuona mitundu imene inali pa tsaya limodzi la mwana wake, mwana amene amamuona tsiku lililonse. Anatenga mitundu itatu, wapakati, wa mthunzi ndi wa powala, n'kuisunga. Kenako anadutsa tsamba ndi tsamba. Mtsikana uja anamupatsa khungu limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Uve anausonyeza monga mmene uve umaonekera pa mwana wakuda: fumbi lotuwa m'miyendo, mbuu m'mawondo, madontho a matope pa diresi, tsitsi losapesa. Pa tsamba 14 fumbilo linachoka, khungu linatsala lakuda lomwelo, likung'anima. Anzake omukumbatira aja anawasiyanitsa, wina woyerera, wina wapakati, wina wakuda kuposa iye.

Chakumadzulo a Injiniya anatulutsa pepala loyesera, n'kuliyang'ana ndi kagalasi kawo kokulitsira. "Si imeneyi nkhope?" anatero. "Mpaka kabowo ka pa tsaya kakuoneka."

Abwana anatsika nthawi yoweruka. Anati eni oda avomera kuti chikuto chisinthidwe, koma atawalankhulitsa mpaka kukhosi kuuma. Anati makope zikwi zitatu akale aja ali m'masukulu kale, amenewo palibe angawabweze. Sanamwetulire, ndipo Bulashi sanathokoze.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Namagweru anali pakhonde, bandeji ili pa mkono, akupesa tsitsi lachikasu la chidole chija. Bulashi anachiyang'ana chidolecho, dzanja linamuyabwa, koma mkazi wake anamuyang'ana ndi diso lomwe ankalidziwa. Anali atamuuza kale Loweruka lija kuti kumulanda mwana chidole sikumuphunzitsa kukonda khungu lake, kumangomuphunzitsa kubisa chidole. Anachisiya.

Anayala pepala loyesera lija pansi. Linali lalikulu, masamba asanu ndi atatu pa mbali imodzi, ena atazondoka chifukwa linali lisanapindidwe. Mwanayo anakwawa pamwamba pake mpaka anapeza tsamba 3. Kenako anafufuza tsamba 14, n'kupendeketsa mutu. Anamuyang'anitsitsa mtsikanayo.

"Uyu sanasambe," anatero.

"Wasamba. Taona mawondo. Fumbi lija lili kuti?"

Anayang'ana mawondo a pa tsamba 3, n'kuyang'ana a pa tsamba 14. "Koma sanayere."

"Munthu akasamba chimachoka ndi fumbi. Khungu silichoka. Limenelo ndi lake, anabadwa nalo, ndipo ndi lokongola."

"Nanga m'buku lija bwanji anayera?"

Mkazi wake anali ataima pakhomo, manja atapinda, akudikira kuti amve ngati anene za makina.

"Ndinalakwitsa ndine," anatero Bulashi. "Ndinajambula bodza."

Namagweru anamuyang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba. Kenako anagoneka mkono wake wabwino pa pepalapo, pafupi ndi mkono wa mtsikana wa tsamba 14. Mitundu iwiriyo inakumana osasiyana. Anausiya pomwepo, n'kuyang'ana mkono winawo, wa bandeji.

"Ndiye Loweruka lija," anafunsa, "ndinali nditasamba kale?"

Anayankha ndi amayi ake.

"Unali utasamba kale, mwanangu."

Mwanayo anapinda pepala lija mokhotakhota mpaka linakwana m'chikwama chake cha kusukulu. Anati mawa akaonetsa anzake pa buleki. Buku lakale lija analitulutsa m'chikwamamo, n'kukaliika pa miyendo ya bambo ake.

"Ili ndi lanu," anatero.